Chigwembe cha Kumanda

Mkazi wanga anagona kumanda a kwawo, kuno ku Utale, kumapeto kwenikweni komwe mitengo ikuluikulu imathera. Pamene tinkamuika, chigwembe chinali kangalande chabe koti mbuzi zinkadumpha. Mvula ya zaka zotsatira inachikuza. Chaka chimene ndikunenachi, munthu wamtali akalowamo sankaoneka mutu, ndipo pamene chimakhota, gombe linali litadyeka mpaka kuyandikira mtanda wake. Aliyense ankadziwa kuti dzinja limodzi lamphamvu lidzatenga manda amenewo.

Ine pano ndine mkamwini. Kwathu ndi ku Nsanama. Maliro atatha, abale a malemu sanandisudzule. Anati khalani, muziona ana. Ndinakhala, ndipo amandisunga bwino, koma mawu a mkamwini pamudzi amapepuka ngati mankhusu. Komabe popeza manda oyamba kugwa akanakhala a mkazi wanga, amfumu anandilola kutsogolera ntchito yotseka chigwembecho.

Chilimwe choyamba ndinkangolengeza mapemphero akatha kuti, “Loweruka tonse kumanda, tikatseke chigwembe.” Anthu anabwera ndi makasu, naima m'mbali kuyang'ana pansi. Aliyense anaponya miyala pomwe anaima. Dzuwa litakwera tinabalalika, chigwembe chili momwe chinalili. Loweruka lotsatira anabwera ochepa, Loweruka lachitatu ndinali ndi anthu oti n'kukwana pamkeka umodzi.

Chilimwe chachiwiri ndinati tigawe ntchito. Poyamba tonse titute miyala, kenako tonse tidule mitengo, kumanga kubwere pomaliza. Tinatuta miyala mpaka mvula yoyamba inatipeza tisanamange kanthu. Ina inapita ndi madzi. Ina ndimaiona mpaka lero pa maziko a bafa la munthu wina, koma sindinafunsepo.

Chaka chachitatu kunabwera alamu anga, mchimwene wake wa malemu, amene anakhala nthawi yaitali ali kapitawo kuminda ya nzimbe kuchigwa. Ndi munthu wamfupi, wamawu akulu, woseka ndi aliyense. Mkazi wanga ankawakonda kwambiri. Denga likadontha, ankati achimwene akanakhalapo. Mbuzi ikadwala, achimwene akanakhalapo. Ndinamva mawu amenewo ukwati wathu wonse.

Tsiku lina anandipeza ndikusenda nsungwi pakhonde.

“Alamu, akuti ntchito ya kumanda ili m'manja mwanu. Mwafika pati?”

“Tikuyesetsa.”

“Kuyesetsako kwatha chiyani?”

Ndinapitiriza kusenda nsungwi. Iwo anaseka, osati mwachipongwe, koma ndikanakonda chikanakhala chipongwe.

“Tiyeni tikachiyende chigwembecho,” anatero.

Anatenga chikwanje ndi mtolo wa zikhomo. Ine ndinalunjika pokhota paja, pafupi ndi mtanda. Iwo anapitirira, kukwera mpaka kumutu kwa chigwembe, komwe madzi ochokera m'minda ndi m'njira ya kumjigo amagwera.

“Vuto lili kumunsi kuno,” ndinatero.

“Iyayi alamu, uko ndi komwe kukupweteka. Likuchokera kuno. Mukamanga kumunsi kokha, madzi adzafika ndi liwiro lonse n'kukankha.”

Anayamba kukhoma zikhomo m'mbali mwa gombe, akutsika. Pachikhomo chilichonse ankaima, kuyang'ana kuya ndi kutambalala kwake, n'kufunsa funso limodzimodzi: anthu a banja limodzi angathe pano masiku awiri kapena atatu? Akaona kuti sangathe, ankagawa malowo pawiri. Ndime iliyonse inali kanthu kathunthu: mpanda umodzi wa miyala wopingasa m'chigwembe, pamodzi ndi kututa miyala yake ndi kukumba maziko ake. Kumutu kunali ndime zokumba ngalande yopatutsa madzi a m'njira.

Lamulungu alamu anaimirira kunja kwa tchalitchi. Sananene zotseka chigwembe. Anati pali ndime, ngati za ganyu, banja lililonse litenge yake. Ananenanso tanthauzo la kutha: mpanda ulowe m'gombe mbali zonse ziwiri, pakati pakhale potsikirako kuti madzi adutse pamenepo osati m'mbali, ndipo kumunsi kwake kuyalidwe miyala kuti madzi akagwa asakumbe. Zikakwana zimenezi, chikhomo chipakidwe laimu.

“Nanga tikafika pakati?” anafunsa mayi wina.

“Pakati palibe laimu, mayi. Kodi mimba ya miyezi isanu amaipatsa dzina?”

Anthu anaseka kwambiri. Ine ndinalengeza pamalo omwewo zilimwe ziwiri, palibe anasekapo, palibenso anafunsapo funso.

Zikhomozo zinkaoneka bwino kuchokera m'njira ya kumjigo. Amayi popita kotunga madzi ankaziona, ndipo nkhani inkafika m'mudzi madzi asanafike mumtsuko. Cha akutiakuti chayera. Cha aujeni chikadali chakuda, kodi akudwala? Anzathu achisilamu a kutsidya, amene minda yawo inkadyekanso, anatenga ndime zawo. Lachisanu ankapita kumzikiti, Lamulungu ankagwira ife tili kutchalitchi. Panalibenso kudikirana Loweruka. Banja likamaliza linkapempha ndime ina, ena chifukwa cha mtima wabwino, ena pofuna kuposa anzawo.

Ndinkadutsa m'njiramo m'mawa uliwonse, ndipo kuyera kunkatsika pang'onopang'ono kulowera kumanda. Ndinkayenera kukondwa. Ndinkakondwadi, koma chimwemwecho chinali ndi mchenga. Miyala ina imene ankamangira inali yomwe ine ndinatutitsa chaka chathacho, yotsala m'tchire. Palibe anakumbuka. Kumjigo ankati, “Mwini mbumba wabwera, zinthu zayenda.” Mwana wanga wamkazi, amene amakhala ku Liwonde, poimba foni ankayamba ndi kufunsa kuti, “Ankolo afika pati?” Ndinkapemphera za mtima wangawo, koma m'mawa ndinkaupeza uli pomwepo.

Ndime ya pokhota ndinaipempha ndekha, pamaso pa anthu. Alamu anakayika.

“Pamenepo sindinapayeze bwino, alamu. Ndangokhomapo chikhomo chimodzi. Tikapaonenso kaye.”

“Ndi mkazi wanga wagona apo. Ndipadziwa.”

Anandisiya. Ndinagwira ndi mwana wanga wamwamuna ndi mkazi wake. Pokhotapo panali potambalala kuposa pena paliponse, gombe lake linali loima chilili, lofukulika kunsi. Tikakumba maziko mbali ino, dothi linkagumuka mbali inayo. Tikati tikonze gombe, miyala inkatha. Tikapita kotuta miyala, tinkabwerera osadziwa poyambira. Masiku atatu anakwana, sabata inatha, ina inayamba. Zikhomo za kumtunda zonse zinali zitayera, za kumunsi kwathu zinayamba kuyera, changa chokha chili chakuda pakati ngati dzino lobooka.

Mayi wina wachikulire, msuweni wa malemu, amene amanditcha mwamuna wake pocheza, anaima pagombe ndi ndowa pamutu.

“Amuna anga, kodi laimu wakutherani? Ndikubweretsereni phulusa?”

“Tatsala pang'ono.”

“Dzulo munati pang'ono. Pang'ono wanuyu ndi wonenepa.”

Mitambo inali itayamba kusonkhana masana cha kumapiri a Machinga, ndipo kutentha kunali kwa mvula. Alamu akandifunsa ndinkayankha kuti zikuyenda. Ndinkadziwa kuti sizikuyenda. Koma kupita kukawauza kuti ndalephera pamanda a mkazi wanga yemwe, zinkandikanika.

Sanadikire kuti ndiwauze. Chikhomo chinali chitanena kale. Anabwera m'mawa wina ndi zikhomo zina m'khwapa, natsikira m'chigwembe, nayenda uku ndi uku, akugogoda gombe ndi chikwanje.

“Olakwa ndine,” anatero. “Ndakupatsani ndime zitatu pachikhomo chimodzi.”

Mawu amenewo anandiwawa kuposa kunditukwana. Ngakhale kulephera kwanga anakutenga kukhala kwawo.

Anagawa pomwepo. Ndime yoyamba, mpanda wa miyala kumtunda kwa pokhota, woti uchepetse liwiro madzi asanamenye gombe. Yachiwiri, kuyala miyala ikuluikulu m'tsinde mwa gombe, pomwe madzi ankafukula. Yachitatu, kusema gombe kuti likhale lotsetsereka m'malo moima chilili, n'kukonza mizere yodzabzalamo udzu wa vetiva mvula ikagwa. Iyi inkayenera kudikira yachiwiri, chifukwa tsinde likapanda kulimba, zapamwamba zonse zimatsika.

“Sankhani yanu, alamu.”

“Zonse ndi zanga.”

“Mvula sidziwa zimenezo.”

Mwana wanga anayang'ana pansi. Ndinayang'ana mtanda uja, womwe unali utapendekeka pang'ono, ndipo ndinasankha yachitatu, yoyandikana nawo. Mpanda anatenga achisilamu aja. Tsinde anatenga alamu eni ake ndi ana awo. Masiku amene ankayala tsindelo ine ndinkawatutira miyala, ndikumva akuimba ndi kuseka m'munsi mwa manda a mlongo wawo, pamalo pomwe ndinakhala masabata awiri osatha kanthu. Atamaliza, ife tinasema gombe. Popeza ntchito inali imodzi yokha, yooneka poyambira ndi pothera, inatitengera masiku ochepa. Laimu ndinapaka ndekha. Chinali chikhomo chomaliza kuyera m'chigwembe chonse.

Mvula yeniyeni inabwera sabata yotsatira, masana, ndi mphepo yomwe inasasula madenga angapo. Itangokata ndinavala jombo n'kupita. Madzi ofiira anali akudutsabe, koma ankatsika ngati pamasitepe, kuima kuseri kwa mpanda uliwonse, kudumpha pakati, kuimanso. Mpanda umodzi wa kumtunda unali utabooka m'mbali. Pokhota paja madzi ankanyambita miyala ya m'tsinde n'kupitirira. Gombe langa linali litakokoloka timizere tating'ono pamwamba, basi. Manda anali pomwepo.

Alamu ndinawapeza atafika kale, thalauza atapinda, anthu atawazungulira. Anali atazula chikhomo cha mpanda wobookawo n'kukhoma china chosapaka, akufunsa amene angatenge mawa. Wina ankawagwira dzanja. Msuweni wa malemu uja ankalulutira.

Atandiona anakuwa, “Alamu, mlongo wanga wagona bwino lero.”

“Wagona bwino,” ndinayankha. “Zikomo.”

Ndinanena moona, ngakhale kuti mawuwo anatuluka movuta. Kenako ndinawasiya ndi anthu awo, ndinapita kunyumba kukatenga khasu ndi mbande za vetiva, dothi lisanaume.