Dandaulo la Enelesi Likadali Kuofesi

Lolemba pa 6 Meyi 2024, pamsonkhano wa ogwira ntchito, a Makina anauza Enelesi kuti aimirire, abwereze lipoti lake "m'Chichewa cha anthu, osati cha akudya njoka." Ena anaseka, ena anayang'ana pansi.

Enelesi ndi mwana wa mlongo wanga. Anabadwira ku Nazombe, sukulu anaiyenda ndi mapazi osavala, ndipo ine, malume ake amene ndinapuma pa uphunzitsi, ndinamuona akukhoza Fomu 4 atabereka kale. Amagwira ntchito ya ulangizi kubungwe lina lothandiza alimi a nandolo. A Makina ndiye mkulu wa nthambi ya kuno. Anabwera kuchokera boma lina, ndipo chibwerere sanasiye kuyeserera kalankhulidwe kathu ka Chilomwe.

Madzulo ake Enelesi anandipeza pakhonde.

"Malume, ndatopa. Ndikulembera a ofesi yoona za antchito kulikulu la bungwe lathu ku Blantyre."

Analemba yekha, ine ndinangokonza Chingerezi. Anaika masiku a misonkhano, mawu enieni amene ananenedwa, mayina a mboni ziwiri, ndi pempho lake: apepesedwe pamsonkhano pomwepo, chipongwe chithe. Anasaina, nasunga kope.

Malamulo a bungwelo amati dandaulo likakhala lokhudza bwana wako, umamulumpha. Koma kwathu sitisumira munthu kuseri. Umayamba wamuuza kuti ndikupita nanu kubwalo. Enelesi analeredwa choncho. Asanatumize, anagogoda kwa a Makina, nawapatsa kope ndi manja awiri.

Lolemba lotsatira a Makina anaiwerenga kalatayo mokweza pamsonkhano, akukoka mawu ngati Mlomwe. Atafika pa mayina a mboni anaima.

"A Wilson, a Magret, kani ndinu maloya masiku ano? Imirirani tikuoneni."

Mu Juni kunabwera a Lusayo a ku ofesi ija kudzafufuza. Anamva Enelesi, anamva a Makina, kenako anaitana mboni mmodzimmodzi m'chipinda chogundana ndi ofesi ya bwana, khoma lake la pulayiwudi, thabwa lopyapyala loti mawu amamveka mbali inayo. Wilson anati tsikulo anakhala kumbuyo. Magret anati zinali nthabwala. Sindiwakhululukira, ngakhale ndikudziwa kuti ali ndi ana.

A Lusayo ananena kuti yankho libwera molemba, ndipo ngati Enelesi sakhutira adzachita apilo. Apilo ya chiyani, popanda chigamulo? Enelesi atapita kuofesi ya zantchito paboma anamuuza kuti ayambe wamaliza njira za kubungwe kwake.

Pano ndi Novembala. Kontirakiti yake ikutha mu Disembala, ndipo woyenera kulemba ngati aionjezere kapena ayi ndi a Makina omwewo. Enelesi pamsonkhano salankhulanso. Lipoti amangopereka papepala, mkazi amene ankaimitsa alimi a ku Jenala mpaka dzuwa kupendeka akumumvetsera.

Inu a ofesi yoona za antchito, kalata munailandira, chidindo chanu chili pakope lathu. Mwapeza kuti a Makina analakwa kapena ayi? Tiyankheni molemba Disembala asanafike.