Njira Yachidule ya Mayi Evelesi

Amene amagula mbatata pamsika wa Makhanga amawadziwa Mayi Evelesi Nyakhuwa. Ndi aja aatali, osaseka wamba, amene akakuyezera mulu samaonjeza ngakhale uwatame bwanji. Sukulu analekeza Sitandade 8, koma kuwerenga ndiye ayi ndithu, amachita ngati akumwa madzi. N'chifukwa chake kutchalitchi ndi mlembi, kukomiti yoona za ngozi m'mudzi ndi mlembinso. Bungwe lina litafuna munthu wotsogolera maphunziro a tsiku limodzi okonzekera kusefukira kwa madzi, panalibenso kufunsana.

Anawatengera ku Nsanje masiku atatu, n'kubwerako ndi kabuku ka wotsogolera, ka masamba khumi ndi awiri. Kabukuko sikanasiye kanthu. Eyiti koloko kulembetsa mayina. Hafu pasiti eyiti pemphero, kudziwana ndi kugwirizana malamulo a tsikulo. Naini koloko zizindikiro za madzi pa ndodo yoyezera mtsinje: chobiriwira khalani tcheru, chachikasu longedzani, chofiira thawani. Hafu pasiti teni kupuma. Leveni koloko mapu a mudzi, mphindi makumi anayi ndi zisanu, magulu atatu. Zofunika: mapepala akuluakulu a filipichati, mapentopeni akuda, abuluu ndi ofiira, tepi yomatira. Masana, wezulo ikalira, onse ayende njira yothawira imene agwirizana, ndipo mapuwo akhomedwe pasukulu kuti mudzi wonse uziwatsata.

Pansi pa ndime ya mapu panali mawu akuda bii: Wotsogolera asalembe pa mapu a gulu. Afunse mafunso, asatsutse. Mapu ndi a eni mudzi.

Amene analemba mawuwo anali munthu wanzeru, koma ku Makhanga sanagoneko.

Tibwerere m'mbuyo pang'ono. Mu Januwale wa 2015, kutacha m'mawa, madzi a Ruo anafika m'mudzi ngati alendo osaodira. Njira zopita kusukulu, kumene kuli kokwererako, zinali ziwiri: yachidule yodutsa pakhwawa, ndi yozungulira yokwera chitunda cha njanji yakale. Evelesi ndi amene anakuwa kuti, "Tiyeni pakhwawa, n'pafupi!" Anthu khumi ndi anayi anawatsata. Sanadziwe kuti madzi amayamba kudzaza khwawalo, ochokera kumbuyo kwa mudzi. Anaoloka asanu ndi anayi. Mwa asanu otsalawo munali mwana wawo Priscilla, wa zaka zisanu ndi ziwiri, ndi mkazi wa Baba Antonio, mkulu uja wokhoma mabwato. Priscilla sanapezeke mpaka lero.

Chiyambire tsiku limenelo palibe anawalozapo chala. Ayi, anthu akuno mwano wotero alibe. Anangoti madzi alibe m'bale. Kukoma mtima kumeneko n'kumene kunawadya Evelesi zaka zonsezi, chifukwa mlandu wosazengedwa sutha. Pakhwawa sanapondeponso. Mvula ikagunda kumapiri a Thyolo, dzanja lawo lamanzere limafumbata lokha, ngati muli kadzanja kena.

Tsiku la maphunziro linali la mu Okutobala, dzuwa lothyola mtima. Anthu makumi awiri ndi anayi anakhala pamadesiki a ana m'kalasi, mawondo m'mwamba. Kumbuyo kunakhala Duncan, mnyamata wa bungwe, wotchi pamkono, akuchonga ndime iliyonse ikatha. M'mawa wonse unayenda bwino. Evelesi anasunga nthawi mpaka Duncan anagwedeza mutu mokhutira.

Leveni koloko anagawa mapepala. Mtsinje ujambulidwe ndi buluu, nyumba ndi wakuda, njira yothawira ndi wofiira. Anazungulira magulu manja kumbuyo, monga anaphunzitsidwira. Atafika pagulu loyamba anaima. Mzere wofiira unadutsa pakhwawa. Gulu lachiwiri, pakhwawa. Gulu lachitatu, mmene munali Baba Antonio mwini wake, pakhwawanso.

Anamvetsa nthawi yomweyo. Anthuwa ankadziwa bwinobwino kumene madzi amayambira. Koma kujambula njira ya chitunda, Evelesi ataima pomwepo, kukanakhala kuwauza pamaso kuti munapha anthu ndinu. Ndiye anasankha kuwasungira ulemu. Koma mapu sadziwa ulemu. Akakhomedwa pakhoma adzawerengedwa ndi ana, akamwini obwera ndi alendo ochokera ku Mozambiki, amene za 2015 sakuzidziwa.

Kabuku kanati afunse, ndiye anafunsa.

"Madzi akabwera amayamba kudzaza pati?"

Mayi wina anayamba kukonza duku lomwe linali bwinobwino.

"Baba Antonio, inu mtsinjewu mumaudziwa. Amayamba pati?"

"Aa, mama, madzi ndi madzi," anayankha mkuluyo maso ali pansi. "Amayamba pomwe afuna."

"Njira iyi mwajambulayi, adzukulu anu mungawapititsepo?"

"Njirayo ili bwino. Ndi yachidule."

Duncan anakweza mkono n'kugogoda wotchi. Zinatsala mphindi zisanu, kenako magulu afotokoze, kenako chakudya. Evelesi anayang'ana pentopeni yofiira ili padesiki. Kuitola n'kufafaniza okha kukanakhala kosavuta, koma akanadzati ndi mapu a Evelesi, ndipo pa tsiku la madzi ndani angatsatenso njira ya Evelesi? Apa ndiye anaona kuti wolemba kabuku uja sanalakwe kwenikweni. Anatseka kabukuko n'kukaika patebulo. Mantha amene anawagwira anaposa a tsiku lija.

"Abale anga, ndisiyeni ndinene ndekha, popeza inu mwandichitira manyazi zaka zonsezi. Njira ya pakhwawa ndinasankha ndine. Inali yolakwika. Madzi amayamba pomwepo, ndipo nonse mukudziwa. Ndinataya mwana wanga. Baba Antonio, ndinatayitsa akazi anu. Musandisungire ulemu ndi ana a anthu."

Munthu wina anayamba kusisima pakona. Duncan anatsitsa mkono.

Baba Antonio anadzutsa mutu. Kenako anati, "Nkhabe, ayi, mama. Mukanapanda kukuwa inu, ndikanakuwa ine. Nanenso ndinali kuloza komweko." Anatola pentopeni ndi zala zake zokhakhala, zozolowera kasemasema. Anadula mzere wa pakhwawa ndi mtanda waukulu mpaka pepala linabooka, n'kuyamba wina pang'onopang'ono, wozungulira, wokwera chitunda. Magulu enawo anatembenuza mapepala awo n'kuyambiranso. Ndime ya mphindi makumi anayi ndi zisanu inadya ola ndi theka, ndipo chakudya chinazizira.

Wezulo inalira mochedwa. Anthu anatuluka ali pamzere, okalamba patsogolo monga kabuku kananenera, kuti liwiro likhale lawo. Anapita kaye pakati pa mudzi, n'kuyamba ulendo wobwerera kusukulu kudzera pachitunda, Duncan akuwerenga nthawi. Njirayo inali yaitali ndithu, miyala ya njanji ikuotcha kumapazi.

Atakwera pamwamba, Evelesi anayang'ana kumunsi. Kanali koyamba kuliona khwawalo chiyambire tsiku lija. M'maloto awo linali lalikulu, lopanda tsidya. Apa linali louma, mchenga wokhawokha, mbuzi ziwiri zikudya minga m'mphepete. Anapeza ndi maso mtengo wa mtondo umene anaugwira ndi dzanja limodzi pamene linalo linatsala lopanda kanthu. Kuchokera pamtengowo kufika pouma panali mapazi khumi okha.

Anaima. Mzere wonse unaima nawo, ndipo palibe anawauza kuti nthawi yatha.