Lilime la Sikelo

Mpaka lero ndikaona chipeso mtima umandiwawa. Zaka za m'ma 1950 ndinkagwira ntchito yoyeza ndi kusakaniza mankhwala pa kachipatala kena ka mishoni kuseri kwa Nsaru, ndipo ndinali mkamwini m'mudzi wa pafupi pomwepo. Ntchitoyo ndinkainyadira zedi. M'dera lonselo munthu wakuda wololedwa kugwira sikelo ya mankhwala ndinali ine ndekha.

Sikeloyo inali ndi kachitsulo kopyapyala ka aluminiyamu kumapeto kwa mkono wake, komwe tinkakatcha lilime. Lilimelo linkadutsa pampata wa pakati pa milomo iwiri ya maginito, osakhudza paliponse. Maginito sagwira aluminiyamu, mutha kuyesa nokha ndi chivundikiro cha sefuliya. Koma lilime likamayenda mumpatamo, m'kati mwake mumabadwa timagetsi tozungulira ngati kamvuluvulu, ndipo timagetsito timalimbana ndi maginito n'kuliletsa kuthamanga. Likaima, timagetsito timazima, choncho muyeso subedwa ngakhale pang'ono. Ubwino wake, ukathira ufa wa mankhwala sikelo inkangoweramira kamodzi n'kukhazikika.

Tsiku lina tikusuntha tebulo, sikelo inagunda khoma ndipo lilime linapindika n'kumakhula maginito. Ndinalimasula n'kupita nalo kwa apongozi anga aamuna, mmisiri wokhoma ndowa ndi nyale za zitini. Ndinanjuta, ndinapempha kuti angoliwongola basi.

M'mawa anandipatsa atalikulunga m'kansalu. Ndinatsegula kansaluko. Analicheka ndi sizasi ya malata mizere isanu ndi umodzi, kuchokera kunsonga mpaka pafupi ndi tsinde. Linali chipeso chenicheni.

"Chitsulo chikafufuma pakati umachipatsa popumira," anatero apongozi. "Taonani mmene chagonera. Chakongola eti?"

Kodi mkamwini angayankhe chiyani, akudya za m'munda wa eni, akugona pamalo pa eni? Ndinaomba m'manja n'kuthokoza. Ndinathokoza! M'njira monse ndinkatukwana mitengo.

Ndinalibwezera, ndinakonza kuti sikelo iyambire pakati, kenako ndinathira ufa. Mkono unayamba kuvina, uku ndi uku, osafuna kuima. Mizere ija inali itadula njira za timagetsi; m'mano opyapyala a chipeso tinkangozungulira pang'onopang'ono, topanda mphamvu yogwira kanthu. Muyeso unali wolondola ndithu, koma kuuyembekezera kwake! Amayi obereka ana otentha thupi anadzaza khonde mpaka pansi pa mtengo wa mango, ine ndili tong'o kuyang'ana singano ya sikelo.

Mwatsoka, sabata yomweyo kunabwera dokotala wachizungu yemwe ankatiyendera kamodzi pamwezi. Anaona mzere wa anthu, anaona sikelo, anasuzumira lilime n'kufiira mpaka m'makutu.

"Wacheka ichi ndani, iwe?"

Anati iwe, kwa ine bambo wa ana atatu, odwala akumva. Kenako anayamba kundiphunzitsa za timagetsi tija mokuwa, m'Chinyanja chake chothyokathyoka, zinthu zomwe ndinkazidziwa ngati dzina langa. Anati pofika mawa afuna dzina la munthuyo, apo ayi sikelo ndiiwale.

Ndikanatchula apongozi, ntchito yawo yonse yokhoma ndowa za pamishoni akanawalanda, ndipo mudzi wonse ukanadziwa kuti mkamwini wakaneneza bambo wa mkazi wake kwa mzungu. Nditaweruka ndinalowa m'nyumba mwathu, ndinatenga chivundikiro cha sefuliya yokhayo yomwe mkazi wanga anali nayo. Anandiyang'ana, anayang'ana chipeso chija m'dzanja langa, n'kukanditengera yekha sizasi ya bambo ake mobisa. Ndinadula lilime lathunthu, lopanda mzere, ndinalipala pamwala mpaka linasalala.

M'mawa ndinalimanga, ndinakonzanso pakati pa sikelo, ndinaika miyala yoyezera dokotala akuona. Mkono unaweramira kamodzi, unadikha ngati wamira mu uchi, n'kuima pamzere penipeni. Ndinabwereza katatu.

Iye sanati n'komwe zikomo.

"Ndafunsa dzina."

"Ndine ndinacheka, bwana."

Ankadziwa kuti ndikunama, chifukwa munthu wodziwa kudula lachiwiri sangacheke loyamba. Koma bodza langalo linamukomera. Anatsekera sikelo m'kabati, kiyi n'kupatsa asisitere, ine anandituma kotsuka mabotolo. Sikeloyo inagwira ntchito zaka zambiri ndi chivundikiro cha mkazi wanga, ine osaikhudzanso. Sefuliya yathu tinkaivundikira ndi mbale.

Madzulo a tsikulo ndinapeza apongozi akukhoma ndowa pakhonde pawo. Anaika nyundo pansi, nkhope ili mwee.

"Nanga bwana uja waiona ntchito yanga?"

Ndinanjuta, manja akununkha sopo wa mabotolo.

"Waiona, bambo. Anafunsa mpaka dzina lanu."