Fomu Imene Inakana Ana a Mlongo Wanga

Ndinauza mlongo wanga wamkulu kuti walakwitsa kuwerenga ana ake omwe. Ndinanena ndikuseka, laputopu ili pamiyendo, ndipo mpaka lero ndikakumbukira ndimachita manyazi.

Nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa pasukulu ina pa boma la Chama, kwinaku ndikuchita maphunziro a makompyuta ongotumiza ntchito ku koleji. Mphunzitsi wathu anatipatsa ntchito yopanga fomu ya pa intaneti. Mabokosi olembamo tiwamange ndi HTML, kenako tilembe malamulo mu JavaScript oti fomu izikana mayankho osamveka munthu asanatumize. Pomaliza tiiyese ndi munthu weniweni ndi kulemba zimene zachitika. Anzanga ambiri anasankha mafomu ogulira nsapato. Ine, pofuna kuoneka woganiza, ndinasankha fomu yolembetsera amayi oyembekezera.

Mabokosi anali ochepa: dzina, mudzi, zaka, nambala ya foni, ana onse amene mayi anabereka, ndiye anyamata angati, atsikana angati. Pa dzina ndi mudzi ndinaika mawu akuti required, kuti pasatsale popanda kanthu. Koma chimene ndinkanyadira chinali lamulo langa la mu JavaScript: anyamata ndi atsikana akaphatikizidwa afanane ndi ana onse, apo ayi patuluke uthenga wofiira ndipo fomu isapite. Lamuloli linandidyera masiku awiri. Zolembedwa m'bokosi kompyuta imazitenga ngati mawu, choncho 2 ndi 2 zinkatuluka 22. Nditaphunzira kuzisandutsa manambala ndi lamulo lotchedwa Number, ndinayenda pasukulu ngati ndagula galimoto.

Munthu woyesera sindinavutike kumufuna. Mlongo wanga anali kwathu sabata yachiwiri, atachokera ku Tembwe. Anali woyembekezera, zaka zake zitapitako, ndipo kukiliniki anamuuza kuti ulendo uno akadikirire pafupi ndi chipatala chachikulu. Ndi amene anandilera mayi athu atamwalira. Ndimamuitana kuti adumbu, monga timachitira kwathu, iye amanditcha aphunzitsi akafuna kundiseka.

Linali Loweruka masana, mwezi wa Okutobala, kutentha kwa m'chigwa chathu kuja koti ngakhale nkhuku zimayasamula. Magetsi anali atapita, batire itatsala theka. Ndinamupeza pakhonde akusenda nshawa, dzina la mtedza kwathu.

"Adumbu, nithandizeniko. Niziŵafunsa monga ku chipatala, imwe muziyankha chabe."

"Manje aphunzitsi mwakhala anesi?" anatero, akupukuta manja pachitenje. "Funsani."

Dzina ndi mudzi ndinalemba osafunsa. Zaka tinakanganako pang'ono. Foni anapereka ya mwamuna wake. Nditafika pa ana onse, chala changa chinali kale pa 4, poti ana ake ndimawadziwa, awiri anyamata, awiri atsikana.

"Sikisi," anatero.

Ndinalemba 6, ndikuganiza kuti akuwerengera ndi ana a mlamu wake amene amawasunga. Anyamata anati awiri. Atsikana anati atatu. Ndinadina batani lotumizira, uthenga wofiira n'kutuluka: manambala sakugwirizana.

Chinthu choyamba chimene ndinaganiza sichinali mlongo wanga ayi. Ndinaganiza kuti vuto la 22 lija labweranso. Ndinatsegula fayilo ya JavaScript, ndinawerenga mzere ndi mzere, zonse zili bwinobwino. Ziwiri ndi zitatu ndi zisanu, osati zisanu ndi chimodzi. Mtima unakhala pansi, ndipo ndinasangalala kuti fomu yanga yagwira munthu wolakwitsa tsiku loyamba lomwe.

"Adumbu, mwalakwitsa," ndinatero ndikuseka. "Kompyuta yakana. Ŵana ŵanu mwaŵaiŵala? Ni folo. Asikana ni aŵiri."

Sanaseke. Anatenga nshawa imodzi, anaiswa, osaidya.

"Wakamba kuti uzafunsa monga ku chipatala. Ku chipatala nimakamba zoona."

Ndiye anandiuza, maso ali m'lichero. Chaka chimene ndinali ku koleji ya uphunzitsi anabereka mwana wamkazi amene sanalire. Patapita zaka ziwiri, nthawi ya dzinja msewu utaduka, zinachitikanso. Ulendo wachiwiriwo iye anakomoka, ndipo pamene ankatsitsimuka amayi akuluakulu anali atapita naye kale mwanayo. Kwathu mwana wotero saikidwa ngati maliro ena. Amakamuika amayi okhaokha, mwakachetechete, popanda kulira mokweza, ndipo amuna sauzidwa zambiri. Mwini mwana amauzidwa kuti alimbe mtima, asafunsefunse.

"Sininafunse ngati anali mwamuna olo mkazi," anatero. "Manje nimuike pati?"

Ndinakwiya, koma wokwiyira ndinamusowa. Amayi aja anachita zimene anaphunzitsidwa. Mlamu wanga anakhala chete monga amuna amachitira. Wotsala ndinali ine, amene tchuthi chilichonse ndinkafika ku Tembwe, kudya nkhuku yake, kudandaula za mayeso anga, n'kubwerera osaona kanthu. Ndipo tsopano ndinali nditamanga chinthu ndi manja anga chomuuza m'zilembo zofiira kuti mwana wakeyo kulibe. Ndinapepesa. Anangoti, "Sunaziŵe," n'kunyamula lichero kulowa m'nyumba.

Ndinatsala pakhonde ndi batire yotsala pang'ono. Ndikanatha kungofufuta lamulolo, fomu izilandira chilichonse, koma ntchito yonse inali ya malamulowo, komanso ndinaona kuti kutero n'kuthawa. Choncho ndinawonjezera bokosi lachitatu pansi pa anyamata ndi atsikana, la ana amene mayi sanauzidwe ngati anali amuna kapena akazi. Sindinaliike required, kuti amene alibe nazo angodutsa. Likakhala lopanda kanthu, Number amaliwerenga ngati ziro. Lamulo ndinalisintha kuti liziphatikiza mabokosi atatu. Uthenga wofiira uja ndinaulembanso, usamanene kuti munthu walakwa, uzingopempha kuti aonenso. Zonsezi zinanditengera mphindi makumi awiri zokha, ndipo kuphweka kwakeko kunandipweteka.

Lamlungu titachoka kutchalitchi, magetsi atabwera, sindinafune kumuvutitsanso. Ndi iye amene anayambitsa.

"Cija cinthu cako unakonza?"

Ndinamuonetsa. Ulendo uno anati alemba yekha. Anakhala pampando mimba itatsamira tebulo, akusaka nambala iliyonse ndi chala chimodzi ngati akutola nsabwe. Analemba 6, kenako 2, kenako 3. Pa bokosi latsopano anaima nthawi yaitali, ndipo ine ndinayang'ana kunja. Analemba 1. Ndinamulozera batani, anadina, ndipo panatuluka mawu obiriwira akuti zalandiridwa. Ndinamuwerengera.

Anapuma mozama. "Manje yaenda kuti? Ku chipatala olo ku Lusaka?"

Ndikanatha kunama, ndipo masiku ena ndimalakalaka ndikananama. Ntchito yathu inathera pa kuona mayankho basi. Kuseri kwa fomuyo kunalibe seva, kunalibe kosungira. JavaScript inkaimitsa kutumiza, n'kuonetsa mawu obiriwirawo. Ndinamuuza kuti siipita kulikonse, ndi ya sukulu chabe, ndipo ndikatseka tsambalo zonse zifufutika.

Anayang'ana pa sikirini, pa kabokosi kaja.

"Oho," anatero. "Nenze naganiza kuti alembewa penapake."

Ndinatambasula dzanja kuti nditseke laputopu, iye anandigwira pamkono.

"Isiye tyala pang'ono."

Tinakhala choncho awiriwiri. Sikirini ikayamba kuzima ndinkagwedeza mbewa ya kompyuta kuti iwalenso.