Kankhope Komwetulira ka Amayi Atelala

Amayi atelala a pakhonde la sitolo ya nsapato anakalambira pamakina, akumwetulira aliyense wobwera ndi nsalu. Mwana wawo mmodzi yekhayo anamwalira kunja kwa dziko m'nyengo yozizira, n'kusiya mkazi wa chilankhulo china ndi kamtsikana.

Ankalemberana ndi mpongozi wawoyo pafoni, foniyo n'kumawamasulira. Kumapeto kwa uthenga uliwonse ankaikako kankhope komwetulira pang'ono kuti mawu afewe. "Mdzukulu wanga akudya bwino? Mukumufunditsa?" Foni inkasintha mawu okha, kankhopeko n'kumafika momwe kaliri.

Mvula itayamba, mayankho analeka kubwera.

Mnzake wa malemu atabwera kudzatula sutikesi ya malemuyo, amayiwo anamuonetsa mauthengawo. Iye anapukusa mutu.

"Amayi, kwawoko achinyamata amaika kankhope aka akamanyoza munthu. Mpongozi wanu ankaona ngati mukumuseka kuti sadziwa kulera."

"Ine kuseka wamasiye? Muuzeni, mwanangu, kuti sindinkadziwa."

"Ndimupeza kuti? Anasintha nambala, ndipo panyumba paja anasamukapo."

Masamba anayoyoka, ena anaphuka. Amayiwo amasokabe kadiresi nyengo ikasintha, msinkhu wa mwanayo akungoyerekeza, n'kukapachika pamsomali kuseri kwa makina.