Dzina la pa Karteira

Ine pakamwa panga sipachedwa. Amayi ankati ndinabadwa lilime lili panja, ndipo sanandinamizire. Zambiri zimene pakamwapa panandigwetsamo ndimaziseka, koma iyi ndikaikumbuka ndimafuna kulowa pansi.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito mu sekretariya, ofesi ya makalata, ya kachipatala kena ka mishoni kufupi ndi Domwe. Namwino wathu mmodzi atasamukira ku Tete, airima, asisitere oyang'anira chipatalacho, analemba chilengezo cha ntchito, ine n'kukachimata pakhomo pa chipatala ndi ku Ulongwe. Munali zambiri m'chilengezomo, koma zitatu anazidula mzere kunsi kuti izi n'zosakambirana. Choyamba chikalata cha sukulu ya unamwino. Chachiwiri, kwa amene anaphunzira kunja, ekivalensiya, pepala la boma lovomereza kuti maphunzirowo akufanana ndi a kuno. Chachitatu karteira yosatha masiku, kakhadi kosonyeza kuti munthu analembetsa ku bungwe la anamwino a dziko lino ndipo ndi wololedwa kugwira odwala.

Ntchito yanga inali yopeta. Nditsegule envelopu, ndiwerenge kurikulo, pepala la mbiri ya maphunziro ndi ntchito, ndione ngati zimene munthu wadzitama nazo m'menemo zili ndi mapepala ake kumbuyo. Pa karteira ndinkayang'ana dzina, nambala ndi tsiku lothera. Wokwanitsa kudzanja lamanja, wosakwanitsa kumanzere, ndipo a kumanzerewo airima sankawaonanso. Ndisaname, ndinkaikonda ntchitoyi. Munthu wa sekretariya sapatsidwa mphamvu kawirikawiri, ndiye ikabwera imakwera kumutu.

Ena sanandivutitse. Wina karteira yake inali itatha, wina analemba kuti akudikira kuti ituluke. Kudikira si karteira, kumanzere. Kenaka ndinafika pa envelopu yonenepa ya mayi wina wa ku Lifidzi. Kurikulo yake inali yabwino kuposa zonse. Anaphunzira ku Malawi, anagwira zaka zambiri ku chipinda cha amayi oyembekezera, ndipo nambala ya karteira anailemba pamwamba penipeni. Nditatembenuza tsamba ndinapeza fotokopiya ya karteirayo, nambala yake yomweyo, masiku akadalipo. Koma dzina linali lina. Pa kurikulo ndi pa chikalata cha sukulu panali dzina lachichewa ndi chiwongo. Pa karteira panali dzina lachipwitikizi ndi dzina lina la bambo. Chithunzi chake makina anachidetsa bii, mumangoona makutu.

Ndinaomba m'manja ndili ndekha mu ofesi. Ndamugwira! Ndinatenga cholembera n'kulemba pa envelopu kuti karteira ndi ya munthu wina, n'kuiponya kumanzere. Masamba otsala sindinawatsegule. Akulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ine ndinali nditaona kale zimene ndinkafuna kuona. Foni inali pa tebulo pomwepo, nambala ya mayiyo ili pa kurikulo. Sindinamuimbire. Sindinafunse ku bungwe la anamwino kuti nambalayo ndi ya yani. Sindinauze ngakhale airima.

Bwenzi zitathera pamenepo, chikanakhala cholakwa cha mu ofesi. Koma Loweruka ndili pa mzere kuchigayo ndinauza alamu anga kuti masiku ano anthu afika pobwerekana karteira ngati chitenje. Anandifunsa kuti ndani, ine n'kunena kuti sindingatchule munthu, koma ndi wina wa ku Lifidzi wophunzira ku Malawi. Ha! Anamwino a ku Lifidzi ophunzira ku Malawi alipo angati? Pamene ufa wanga unkatuluka, nkhani inali itakwera kale shapa, minibasi zathu zija.

Patatha milungu itatu, ntchito atapatsidwa mnyamata wina amene mapepala ake anali okwanira, mayi uja anabwera kudzatenga envelopu yake. Anali wamsinkhu wanga, wovala bwino, wolankhula pang'onopang'ono. Anaona zimene ndinalemba pa envelopuyo, sanakwiye. Anakhala pa mpando, n'kutulutsa masamba aja limodzilimodzi patsogolo panga. Fotokopiya ya bilyete yake, chiphaso cha unzika, dzina lomwelo la pa karteira. Ekivalensiya, yodindidwa karimbo wake. Ndipo kumapeto kwenikweni pepala la kwa notariyo, mkulu wotsimikizira zikalata, lonena kuti mayina awiriwo ndi a munthu mmodzi. Zonse zinali m'manja mwanga milungu itatu.

Anandifotokozera kuti pothawa nkhondo anali mwana, ndipo ku sukulu ya ku Dedza agogo ake anamulembetsa dzina la pakhomo ndi chiwongo. Dzinalo linamutsata mpaka pa chikalata cha unamwino. Kuno kumudzi kaundula wa mishoni ndi wa boma ankamudziwa ndi dzina laubatizo ndi la bambo ake. Anati anayenda ulendo wa ku Tete kangapo kuti mapepalawo agwirizane, ndipo ankafuna ntchito ya pafupiyi chifukwa mayi ake sakuonanso bwino.

Ndinayamba kudzikanira, monga mwa khalidwe langa. Ndinati akanalemba mayina onse awiri pamwamba pa kurikulo. Anavomera kuti zoona, pamenepo analakwitsa. Kenaka anandiyang'anitsitsa, n'kundiitana dzina limene ndinali ndisanalimve zaka makumi atatu, dzina limene azakhali anga anandilembetsa nalo pa sukulu yomweyo ya ku Dedza.

"Si inu kodi? Munkakhala kutsogolo, pafupi ndi khomo. Dzina limeneli lili pa bilyete yanu?"

Silili pa bilyete yanga. Inenso ndili ndi mayina awiri, ndipo kalata yanga ya sukulu ya ku Malawi ili m'sutukesi ndi dzina limene ana anga salidziwa. Theka la anthu a m'mapiri muno ali chomwecho. Mlendo wa ku Maputo akanalakwa chonchi tikanati sadziwa. Nanga ine? 

Ndinapita naye kwa airima, ndinaulula zonse. Iwo anaimba foni ku bungwe lija ife tili pomwepo, ndipo anauzidwa kuti nambalayo ndi yake, ilibe vuto. Koma mnyamata uja anali atasaina kale kontratu, ndipo iye sanalakwe kanthu. Madzi akatayika saoleka. Airima anapepesa m'dzina la chipatala, n'kunena kuti kuyambira tsikulo envelopu iliyonse yopita kumanzere aziyiona anthu awiri. Ine anangondiyang'ana, ndipo ndikanakonda akanandikalipira.

Panja mayi uja anandiuza kuti amayi awiri oyembekezera a m'mudzi mwake, amene kale ankabwera kudzamufunsa malangizo, tsopano amamulambalala.

"Ntchitoyo yapita, ndidzapeza ina," anatero. "Koma dzina langa mukalitenge kumene munalisiya."

Loweruka ndinapita kuchigayo ndilibe ndi chimanga chomwe. Ndinaima pa mzere n'kunena mokweza kuti ndinanama, karteira ija ndi yake, wolakwa ndine amene sindinawerenge mapepala mpaka kumapeto. Chigayo chinali kulira, amayi ena sanamve, ena anangoti oo, n'kupitiriza kupeta. Alamu anga anati ndisadzivutitse, zinapita zimenezo.

Mayi uja anapeza ntchito kutali, kumene amabwerako kamodzi pa mwezi, ndipo mayi ake akusungidwa ndi mdzukulu. Chaka chatha ndili mu shapa ya ku Ulongwe ndinamva azimayi awiri akumutchula. Sanagwiritse dzina la ku Malawi, sanagwiritse la pa bilyete. Anati namwino uja wa karteira yobwereka. Limenelo ndi dzina lake lachitatu, ndipo ndinamupatsa ndine.