Mphindi za Bambo Utuchi

Pafakitale ya mipando pamene amagwira ntchito, dzina lawo lenileni limadziwika ndi olemba malipiro okha. Ena onse amangoti Anamphindi, ndipo eni ake anasiya kalekale kukwiya nalo. Ndi mlembi wa abwana akulu. Kaofesi kawo kali pakati pa chitseko cha abwanawo ndi chipinda cha misonkhano, ndipo muli desiki, kabati ya mafayilo, duwa lapulasitiki lomwe amalipukuta ngati lamoyo, ndi makina osindikizira amene amatafuna pepala akaona kuti munthu wafulumira.

Anabwera ali mtsikana wongodziwa kutayipa. Masiku amenewo msonkhano wa mabwana wa mwezi ndi mwezi unkayamba m'mawa n'kutha pamene mimba zayamba kulira, popanda chomwe agwirizana. Anamphindi ndiwo anauika m'khola. Anajambula ajenda ya mizere yake: nambala ya nkhani, mutu wake, wofotokoza, nthawi yoyambira ndi mphindi zake, ndi nambala ya pepala lomwe laphatikizidwa. Pamwamba opepesa kuti sabwera, kenako maminitsi a msonkhano wapita ndi zotsalira zake, malipoti a nthambi, zina ndi zina, n'kutsekera ndi tsiku la msonkhano wotsatira. Amene ali ndi pepala alipereke kutatsala sabata. Abwana akulu, omwenso ndi wapampando, akavomereza ajendayo, Anamphindi amatumiza mtolo wonse kwa aliyense kuti awerengeretu. Wochedwa ndi pepala, ngakhale abwere akumwetulira bwanji, amadikira mwezi wamawa.

Chimene ankanyadira koposa chinali chilungamo chawo. Nthambi iliyonse mphindi khumi, wamkulu ndi wamng'ono chimodzimodzi. Ankati sikelo yawo ilibe m'bale.

Sikeloyo inkapweteka munthu mmodzi, kapitawo wa nthambi yopala ndi kusalaza matabwa, amene anzake anamutcha Bambo Utuchi chifukwa ngakhale avale jekete, m'nsidze mumakhalabe fumbi. Ndi munthu wodziwa ntchito, wokondedwa ndi anthu ake, koma ndi wachibwibwi. Kumakina, pakati pa phokoso, mawu amawatulukira bwinobwino. Akangokhala patebulo lalitali lija, maso onse ali pa iwo, lilime limamangika.

Miyezi ingapo yotsatizana anabwera ndi nkhani imodzi. Makina okoka fumbi m'chipinda chosalazira anali atatopa, ndipo anthu awo ankatsokomola mpaka kunyumba. Nthambi yawo inkakhala yomaliza pa malipoti, nthawi imene aliyense maso ali kuchitseko. Akati ayambe, mawu n'kukakamira pa "fu-fu-fu", ndipo mkulu wa zamalonda, amene amatchedwa a Wailesi pa chifukwa chimene simufunika kuuzidwa, ankawamalizira chiganizo ndi mawu omwe iwo sanafune kunena. Mphindi khumi zinkathera pamenepo. M'maminitsi Anamphindi ankalemba okha ndi dzanja lawo kuti nkhaniyi idzakambidwanso.

Tsiku lina atapititsa ajenda kuti ivomerezedwe, abwana akulu anaika chala pa mzere wa Bambo Utuchi.

"Mayi, apa mulembepo wachiwiri wawo. Mnyamata uja amayankhula msanga. Akuluwa tiwapumitse, azingokhala kumakina."

"Kuyambira mwezi uno, bwana?"

"Kuyambira uno. Sindikuwada ayi, koma tikuwazunza, nafenso tikudzizunza."

Anamphindi anatuluka ali okhumudwa. Ankadziwa kuti pafakitalepo munthu akachoka pa ajenda, wachoka patebulo, ndipo sipatenga nthawi kuti ukapitawo umutsatire. Ankadziwanso kuti wachiwiriyo ndi wa pakamwa potsetsereka koma sakhala m'chipinda cha fumbi chija. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Madzulo kunyumba anafotokozera amuna awo, dalaivala wopuma ntchito amene masiku ano amakhalira kukonza mawailesi a anthu oyandikana nawo, ena n'kuwawonongeratu.

"Ine ndiye sindinawalakwire," anatero Anamphindi. "Ndimawapatsa mphindi zofanana ndi anzawo."

"Eee, chilungamo chanu timachidziwa, mayi a ana," anayankha amunawo osadzutsa mutu pa sikuludiraiva. "Ngakhale pemphero la chakudya mumandiwerengera. Koma ana athu aja munkawagulira nsapato za saizi imodzi?"

"Musandiyambe, bambo."

"Ndangofunsa. Wamkulu uja phazi lake munkaliona nokha."

Anawakalipira kuti achotse mawaya patebulo, komabe mawuwo anawalowa. Zinawawawa kuona kuti chinthu chimene ankachinyadira zaka zonsezi ndicho chinali kufinya mnzawo.

M'mawa mwake anatsikira kumakina, kumene sapitapita chifukwa cha nsapato zawo. M'chipinda chosalazira, kuwala kolowera pawindo kunali mbuu, ndipo asanafike pakati anali atayetsemula kale. Bambo Utuchi anawatengera m'kaofesi kawo ka magalasi n'kuwapukutira mpando ndi chipewa.

"Achimwene," anatero Anamphindi, "nkhani yanu ija mwakhala mukubwera nayo pakamwa pokha, mkati mwa lipoti. Tiichotsemo, iime payokha, ikhale ndi pepala lake. Mukufuna mabwana achite chiyani kwenikweni?"

Anafunika kudikira, koma yankho linabwera lokonzeka bwino, chifukwa munthuyo anali ataliganizira kwa miyezi. Njira zinalipo zitatu: kukonzanso makina akalewo, kugula atsopano a fakitale yonse, kapena kuyamba ndi chipinda chosalazira chokha. Iwo ankafuna yachitatuyo. Anali ndi mitengo yochokera kwa ogulitsa, ndi chiwerengero cha anthu amene anajomba chifukwa cha chifuwa. Anamphindi anangowaonetsa kayalidwe kake: pamwamba chimene akupempha, kenako vuto, njira zitatuzo ndi mtengo wake, zonse pamasamba awiri. Kulemba analemba okha Bambo Utuchi, ndipo cholembera chawo chinalibe chibwibwi.

Ajenda ndi ya wapampando, mlembi amangokonza. Anamphindi sakanasintha mobisa, ndiponso si khalidwe lawo. Anasindikiza ajenda ziwiri n'kukaziika pamaso pa abwana akulu.

"Iyi ndi imene munanena, bwana, ili ndi dzina la wachiwiri. Inayi ndi pempho langa."

Pa yachiwiriyo anali atawonjezera mzere watsopano wonena cholinga cha nkhani iliyonse: yofuna chigamulo, yokambirana, kapena yongodziwitsa. Nkhani ya fumbi inakwera n'kukhala yoyamba pambuyo pa zotsalira za maminitsi, mitu ikadali yozizira. Yofuna chigamulo, pepala lachitatu, mphindi khumi ndi zisanu m'malo mwa khumi zija, wofotokoza Bambo Utuchi. Msonkhano sunatalike, chifukwa lipoti la zamalonda, limene mwezi umenewo linalibe chopempha, linalembedwa kuti ndi longodziwitsa, mphindi zisanu za mafunso. Pansi panali mawu akuti mapepala onse adzatengedwa kuti awerengedwa kale.

Abwana anawerenga pepala la fumbi mpaka kumapeto, n'kubwereranso pa chiwerengero cha ojomba.

"Alemba okha izi?"

"Okha, bwana. Ine ndangokonza mizere."

"Nanga akakanikanso?"

"Nkhani yonse ili papepala, iwo adzangonena pempho ndi kuyankha mafunso. Koma ndikupempha chimodzi. Nthawi imene yalembedwa pa dzina lawo ikhale yawo. Woiteteza ndinu, ine ndilibe pakamwa m'chipinda muja."

Abwana anapumira m'mwamba n'kusayina yachiwiriyo. "Mwezi uno wokha. Zikavuta, tibwerera ku inayo."

Mtolo utangotumizidwa, a Wailesi anatulukira pakhomo pa kaofesi kaja, pepala lili m'manja.

"Mayi, mphindi zisanu? Moni wokha amanditengera zisanu ine!"

"N'chifukwa chake ndakulemberani kuti moniyo tawerenga kale, bambo."

Anachoka akung'ung'udza kuti fakitale ino ikulamulidwa ndi wotchi.

Tsiku la msonkhano Bambo Utuchi anavala jekete lawo la kumaukwati. Opepesa panalibe, maminitsi anavomerezedwa, zotsalira zinadutsa. Abwana anati, "Nkhani yachinayi, pepala lachitatu. Tonse tawerenga. Akapitawo, pempho lanu."

Anaimirira ngakhale palibe amene amaimirira m'chipindamo. Anatsegula pakamwa, ndipo mawu oyamba anakana. Anagwira m'mphepete mwa tebulo. Anamphindi anaika cholembera pansi. Anachita mantha kuti mwina awabweretsa munthuyu kutsogolo kuti adzachite manyazi aakulu kuposa akale.

"Akufuna kunena kuti..." anayamba a Wailesi.

"Pa nkhani iyi dzina lanu silikuoneka," anatero abwana akulu, maso ali pa ajenda. "Tidikira."

Anadikiradi. Munthu sadziwa kutalika kwa kachetechete mpaka atakhala m'chipinda cha mabwana amene sanazolowere kukhala chete. Akauntanti anayang'ana kudenga. Wina anameza mate momveka. Kenako mawu anatuluka, loyamba movutika, lachiwiri mosavuta pang'ono.

"Ndi-ndikupempha makina atsopano m'chipinda chosalazira. Chi-chipinda chimodzi chokha. Anthu anga akudwala."

Akauntanti, amene anali atalemba mafunso m'mphepete mwa pepala, anafunsa chifukwa chake osangokonza akalewo. Bambo Utuchi anayankha kuti anakonzedwapo kale kawiri, ndipo zipangizo zake sizipezekanso. Yankholo linatenga nthawi, koma palibe amene analidula. Funso lachiwiri linapita bwino kuposa loyamba. Pofika lachitatu anali atakhala pansi, akuloza ndi chala pa tsamba lachiwiri ngati ali kumakina kwawo. Ngakhale a Wailesi anafunsa funso lenileni, lakuti ntchito idzaima masiku angati poika makinawo, ndipo anadikira yankho lake, pakamwa atatseka ndi dzanja.

Bambo Utuchi sanapeze zonse zimene anapempha. Akauntanti anati ndalama zake zipezeka m'gawo lotsatira la chaka, ndipo anagwirizana kuti pakadali pano agule zophimba kumphuno zabwinopo ndi kufunsa mtengo kwa wogulitsa wina. Koma chigamulo chinapangidwa, ndipo Anamphindi anachilemba ndi wochita wake ndi tsiku lake.

"Mwezi wamawa tidzamve pamene zafika," anatero abwana akulu. "Mayi, muikepo pa ajenda."

"Wofotokoza ndilembe ndani, bwana?"

Anafunsa dala, pamaso pa onse. Abwana anawayang'ana pamwamba pa magalasi, poti anadziwa bwino lomwe chimene mayiwa akuchita.

"Mwini nkhani alipo. Mulembenso ndani?"

Msonkhano utatha, Anamphindi anabwerera kukaofesi kawo ndi mtolo wa mapepala. Maminitsi ankawadikira, ndipo foni ya padesiki inali itayamba kale kulira. Atacheuka anaona Bambo Utuchi ataima pakhomo, jekete lili pamkono, maso ali ofiira, ndipo silinali fumbi.

"Achemwali," anatero. "Zi... zi..."

Anamphindi ankalidziwa liwulo, ndipo likanakhala tsiku lina akanayankha kale kuti palibe kanthu, n'kuthamangira foni. Anaika mapepala padesiki, napinda manja, n'kuwayang'ana kumaso. Foni inalira mpaka inatopa yokha.

"Zikomo," anatero Bambo Utuchi.